Payipi kapena mvula: kusiyanitsa magwero awiri a zoipitsa madzi poyankha mayeso

Funso la magwero a zoipitsa madzi limaoneka lophweka, ndipo n'chifukwa chake ophunzira ambiri amataya malikisi pa funsoli. Amaloweza mndandanda wakuti fakitale ndi suweji zili mbali ino, minda ndi misewu zili mbali inayo, basi. Wokonza mayeso akangobweretsa chitsanzo chomwe sichinali pa mndandandawo, monga sitima yomwe yataya mafuta panyanja kapena utsi wa fakitale wogwa ndi mvula, mutu umaima. Chomwe chimasowa ndi mfundo imodzi yomwe magulu awiriwa amasiyanirana. Mfundoyo siyang'ana mtundu wa choipitsa, kuchuluka kwake, kapena kukula kwa dera lomwe chawononga. Imayang'ana njira imene choipitsacho chalowera m'madzi.

Gulu loyamba ndi gwero la malo amodzi, lomwe m'kalasi mumamva likutchedwa poyinti sosi. Apa zoipa zimalowa mu mtsinje, m'nyanja kapena m'madzi a pansi pa nthaka kudzera pa malo amodzi odziwika: payipi, ngalande yokonzedwa ndi anthu, thanki yobooka, chitsime cha mafuta chomwe chaphulika. Mungathe kuima pamalopo n'kuloza ndi chala. Mungathe kutchera botolo, kutunga madzi otulukawo asanasakanikirane ndi a mu mtsinje, n'kukawayeza. Ndipo nthawi zambiri pamakhala mwini wake wodziwika dzina. Gulu lachiwiri ndi magwero omwazikana, omwe amatchedwa noni poyinti sosi. Apa zoipa zimakhala zitafalikira pa dera lalikulu, ndipo chozitengera kumadzi ndi mvula yoyenda pamwamba pa nthaka, madzi olowa pansi, kapena mphepo. Zimalowa mu mtsinje pang'onopang'ono m'mbali monse, pa mtunda wa makilomita ambiri. Palibe pamene mungatchere botolo n'kunena kuti zonse zikudutsa pano.

Choipitsa chimodzimodzi chingathe kupezeka m'magulu onse awiri, ndipo apa m'pamene mndandanda woloweza umagwera. Tengani fosifeti. Amapezeka mu suweji, kuchokera ku zimbudzi ndi ku sopo wina wochapira, ndipo amatuluka pa payipi ya malo oyeretsera suweji. Fosifeti yemweyo alinso mu feteleza ndi mu ndowe za ziweto, ndipo amakokoloka ndi dothi mvula ikagwa. Ndere za m'nyanja zilibe nazo kanthu kuti wachokera kuti, zimamera chimodzimodzi. Choncho yankho lakuti "fosifeti ndi gwero lomwazikana" n'lolakwa, chifukwa fosifeti si gwero, ndi choipitsa. Gwero ndi munda umene mvula yakokololamo feteleza, kapena payipi ya suweji.

Gwero la malo amodzi litaonekera poyera

Chitsanzo chomwe chimaonetsa bwino khalidwe la gwero la malo amodzi ndi cha ku Minamata, m'dziko la Japan. Kampani ya Chisso inali ndi fakitale ya mankhwala kumeneko, ndipo kuyambira 1932 mpaka 1968 inkagwiritsa ntchito mekyule popanga mankhwala ena. Madzi otsala a m'fakitalemo ankatayidwa m'nyanja kudzera m'ngalande, ali ndi mtundu wa mekyule womwe umakhazikika m'matupi a zamoyo. Mekyuleyo ankaunjikana m'nkhono ndi m'nsomba, ndipo amene ankadya nsombazo ankalandira poizoni wochuluka kuposa amene anali m'madzi. Amphaka anayamba kudzandira ndi kufa. Anthu anayamba kuchita dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kulephera kuyenda bwino, kusaona za m'mbali, ndipo ana ena anabadwa ubongo utawonongeka. Matendawa anazindikiridwa ndi madokotala mu 1956.

Mu 1958 fakitaleyo inasintha potayira, n'kuyamba kutayira pafupi ndi pamene mtsinje wa Minamata umathira m'nyanja. Pasanapite nthawi yaitali odwala anayamba kupezeka m'madera atsopano a kufupi ndi kumeneko. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa wophunzira: potayira patasuntha, vuto nalo linasuntha. Ndi gwero la malo amodzi lokha limene lingachite zimenezi. Nkhaniyi ikutiphunzitsanso kuti tisamalembe mopepuka chiganizo chija chakuti magwero a malo amodzi ndi osavuta kuthana nawo. N'zoona kuti ndi osavuta kuwapeza ndi kuwayeza. Koma panadutsa zaka 12 kuchokera pamene matenda anazindikiridwa kufika pamene boma la Japan linavomereza mu 1968 kuti gwero lake ndi fakitaleyo, ndipo zaka zonsezo anthu ankadwala. Kudziwa payipi ndi chinthu china, kuitseka ndi chinanso. Pa mayeso lembani kuti ndi osavuta kuwazindikira, kuwayeza ndi kuwaikira malamulo, osati kuti ndi osaopsa.

Payipi ya suweji ili ndi chizindikiro chake mu mtsinje chomwe woyesa amakonda kuchijambula pa galafu. Madzi oyera ozizira bwino, pa madigiri 20, amasunga okosijeni wokwana pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita. Suweji ikalowa, mabakiteriya amapeza chakudya chambiri, amachulukana, ndipo powoletsa zonyansazo amagwiritsa ntchito okosijeni wa m'madzi. Okosijeni amatsika, koma safika potsikitsitsa pa payipi penipeni. Amafika potsikitsitsa chakumunsi ndithu, chifukwa mabakiteriya amafuna nthawi kuti agwire ntchito ndipo nthawi yonseyo madzi akuyenda. Mukatembenuza miyala pa chigawo chimenechi mupeza yokutidwa ndi zinthu zoterera zotuwa, ndipo m'matope muli timphutsi tofiira tomwe timapirira madzi osowa mpweya, pomwe tizilombo ta m'madzi oyera tomwe tinali kumtunda kwa payipi tasowa. Mukapitirira kumunsi, chakudya cha mabakiteriya chimatha, mpweya wa mumlengalenga umalowanso m'madzi, okosijeni amakwera, nsomba zimayambanso kuoneka. Galafu yotere, yokhala ndi kusintha kwadzidzidzi pa malo amodzi kenako kuchira pang'onopang'ono, ikunena za gwero la malo amodzi ngakhale funso lisanatchule payipi.

Pamene palibe woti n'kumuloza

Mtsinje wa Mississippi umasonkhanitsa madzi kuchokera ku dera lokwana pafupifupi magawo 40 pa 100 a dziko la United States, kupatula Alaska ndi Hawaii. M'dera limeneli muli minda yambirimbiri ya chimanga ndi soya. Nayitireti wa mu feteleza amasungunuka mosavuta ndipo dothi silimugwira, choncho amene mbewu sizinamugwiritse ntchito amatsika ndi madzi, n'kulowa m'timitsinje, kenako mu mtsinje waukulu, mpaka ku nyanja ya Gulf of Mexico. Kumeneko ndere zimamera mochuluka, zimafa, zimamira, ndipo mabakiteriya poziwoletsa amamaliza okosijeni wa m'madzi a pansi. Okosijeni akatsika kuchepera mamiligalamu 2 pa lita, nsomba zimathawa ndipo zamoyo zosatha kuthawa zimafa. Dera lakufali limabwera chaka chilichonse nyengo yotentha, ndipo mu 2017 linayezedwa n'kupezeka kuti laposa masikweya kilomita 22,000.

Funsani tsopano kuti ndani waipitsa nyanjayi. Mizinda ya m'mbali mwa mtsinje imathirako gawo lake kudzera mu suweji, koma gawo lalikulu likuchokera ku ulimi, ndipo palibe mlimi mmodzi amene munda wake pawokha ungaphe nsomba ngakhale imodzi kunyanjako. Aliyense wataya pang'ono, ambiri a iwo ali kutali ndi nyanja makilomita oposa 1,000, ndipo sanaphwanye lamulo lililonse. Kuvuta kwa magwero omwazikana kwagona pamenepa: kuwononga kumaoneka zonse zikaphatikizana, pomwe udindo wagawanika tizidutswa ting'onoting'ono.

Magwero ena a gulu lino amayenda njira yomweyo. Dothi lokokoloka pa mapiri odulidwa mitengo, pa minda ya m'mphepete mwa mtsinje kapena pa malo omangapo nyumba limadetsa madzi, limatchinga kuwala, limakwirira malo oswanirana nsomba, ndipo limanyamula fosifeti ndi mankhwala ophera tizilombo omwe amamatira pa timibulu take. Ophunzira ambiri amaiwala kuti dothi nalo ndi choipitsa, pomwe ndi chimodzi mwa zikuluzikulu. M'mizinda, mvula imatsuka mafuta odontha m'magalimoto, fumbi la matayala ndi la mabuleki, ndi zinyalala, kuchoka pa misewu ndi pa madenga. Pa malo odyetsera ziweto imatenga ndowe ndi tizilombo toyambitsa matenda. Ndipo pansi pa nthaka, nayitireti wochokera m'minda ndi m'zimbudzi zokumba zambiri za m'dera limodzi amatsikira ku madzi a m'zitsime. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti nayitireti m'madzi akumwa asapose mamiligalamu 50 pa lita, makamaka pofuna kuteteza makanda, chifukwa m'matupi mwawo amatha kulepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Madzi a pansi amayenda pang'onopang'ono, kotero feteleza wothiridwa lero angathe kufika pa chitsime patapita zaka, ndipo kusiya kuthira lero sikuyeretsa chitsimecho mawa.

Mtsinje umaulula wokha

Pali njira yosiyanitsira magwero awiriwa osaona payipi kapena munda, pongoyang'ana manambala, ndipo ndi imene imasiyanitsa yankho la wophunzira womvetsa ndi la woloweza. Payipi ya suweji imatulutsa pafupifupi mofanana tsiku lililonse, kaya mvula igwe kaya isagwe, chifukwa anthu sasiya kugwiritsa ntchito zimbudzi m'chilimwe. Madzi a mu mtsinje ndi amene amasintha. Mtsinje ukaphwa, madzi osungunulira zoipazo amachepa, ndipo mlingo wake pa lita umakwera. Minda imachita zosiyana: popanda mvula palibe chonyamula feteleza, choncho m'chilimwe imakhala chete, ndipo imatulutsa zonse mvula yamphamvu ikagwa.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongopeka ngati a pa mayeso. Mtsinje m'chilimwe ukuyenda makiyubiki mita 2 pa sekondi, ndipo kumtunda kwa payipi uli ndi fosifeti wokwana mamiligalamu 0.02 pa lita. Payipi ikutulutsa makiyubiki mita 0.1 pa sekondi, okhala ndi mamiligalamu 6 pa lita. Madzi awiriwa akasakanikirana bwino, mlingo wa kumunsi timaupeza motere, pomwe Q ndi kuchuluka kwa madzi oyenda pa sekondi ndipo C ndi mlingo wa choipitsa:

```
C = (Q1 × C1 + Q2 × C2) / (Q1 + Q2)
C = (2 × 0.02 + 0.1 × 6) / (2 + 0.1)
C = 0.64 / 2.1 = 0.30
```

Fosifeti wakwera kuchoka pa 0.02 kufika pa mamiligalamu 0.30 pa lita, kuwirikiza ka 15, pa mtunda waufupi chabe. Miligalamu imodzi pa lita ndi chimodzimodzi galamu imodzi pa kiyubiki mita, choncho nambala ya 0.64 ija ikutanthauza kuti mtsinje ukunyamula magalamu 0.64 a fosifeti pa sekondi, ndipo 0.6 mwa amenewa akuchokera pa payipi. M'chilimwe payipi ndiyo mwini vuto pafupifupi lonse.

Tsopano kwagwa mvula yamphamvu ndipo mtsinje wadzaza, ukuyenda makiyubiki mita 20 pa sekondi. Payipi ikutulutsabe monga kale. Ngati madzi a kumtunda akanakhalabe pa 0.02, tikanayembekezera izi:

```
C = (20 × 0.02 + 0.1 × 6) / (20 + 0.1)
C = 1.0 / 20.1 = 0.05
```

Payipi ikanakhala gwero lokhalo, mvula ikanatsitsa mlingo kufika pa 0.05. Koma tinene kuti woyeza wapita kumunsi kuja tsiku lomwelo n'kupeza 0.25. Wophunzira wothamanga amaona kuti 0.25 ndi wochepa kuposa 0.30 wa m'chilimwe, n'kulemba kuti mvula yayeretsa mtsinje. Chulukitsani kaye ndi madzi: 20.1 kuchulukitsa ndi 0.25 ndi pafupifupi magalamu 5 pa sekondi. Payipi ikupereka 0.6 okha. Magalamu otsalawo, pafupifupi 4.4 pa sekondi, abwera ndi mvula kuchokera pa nthaka. Mlingo pa lita watsika pang'ono, koma katundu yense wopita kumunsi wawirikiza pafupifupi ka 8, ndipo payipi yomwe inali ndi gawo loposa 90 pa 100 tsopano ili ndi 12 pa 100 basi.

Kusiyana kwa mlingo pa lita ndi katundu yense n'kofunika chifukwa kumayankha mafunso awiri osiyana. Nsomba ya mu mtsinje imavutika ndi mlingo wa m'madzi omwe ikusambiramo lero, choncho nthawi yake yoopsa ndi chilimwe, kumunsi kwa payipi, madzi ali ochepa ndiponso otentha, osunga okosijeni wochepa. Nyanja kapena damu la kumunsi limasunga zonse zobwera chaka chonse, choncho limavutika ndi katundu yense, ndipo gawo lalikulu la katunduyo lingathe kufika m'masiku ochepa a mvula yamphamvu. N'chifukwa chakenso kuyeza magwero omwazikana n'kovuta. Woyeza amene amatunga madzi kamodzi pa mwezi, tsiku lowala bwino, angathe kuphonya masiku onse ofunika n'kulemba lipoti lakuti mtsinje uli bwino.

Mukapatsidwa galafu, funsani mafunso awiri. Choipitsa chikukwera pa malo amodzi mwadzidzidzi, kapena chikukwera pang'onopang'ono mtsinje wonse? Chikukwera madzi akaphwa, kapena chikukwera limodzi ndi madzi mvula itagwa? Chenjezo limodzi lokha: m'mizinda ina suweji ndi madzi a mvula zimayenda m'payipi imodzi, ndipo mvula ikachuluka mapayipiwo amasefukira mu mtsinje pa malo okonzedweratu. Limeneli ndi gwero la malo amodzi ngakhale limatuluka nthawi ya mvula yokha. Nthawi ndi umboni wothandiza, koma chigamulo chimabwererabe pa njira yolowera.

Zitsanzo zomwe zimasokoneza

Mafuta otayika m'nyanja ndiwo amagwetsa ambiri. Sitima ya Exxon Valdez itagunda mwala ku Alaska mu 1989, mafuta anafalikira m'mbali mwa nyanja mtunda wautali kwambiri, ndipo chitsime cha mafuta cha pansi pa nyanja cha Deepwater Horizon chitaphulika mu 2010 chinatulutsa mafuta kwa pafupifupi miyezi itatu. Poona kufalikirako wophunzira amalemba kuti ndi gwero lomwazikana. Ayi. Chomwe chamwazikana ndi zotsatira. Mafuta anatuluka pa sitima imodzi ndi pa chitsime chimodzi, choncho ndi magwero a malo amodzi. Mafuta omwe ali m'gulu lomwazikana ndi aja odontha m'magalimoto masauzande, otsukidwa ndi mvula pa misewu.

Mvula ya asidi imatembenuza nkhaniyi. Chumuni ya fakitale yowotcha malasha ndi gwero la malo amodzi pa kuipitsa mpweya. Koma utsi wake umasakanikirana ndi wa machumuni ena ndi wa magalimoto, umayenda ndi mphepo makilomita mazana, n'kugwa ndi mvula pa nyanja yonse ndi pa nthaka yozungulira. Kwa madziwo ndi gwero lomwazikana. Funso likakhala la madzi, yankhani za mmene choipa chafikira m'madzi.

Chimbudzi chokumba chimodzi chomwe chili pafupi ndi chitsime, ndipo chatsimikizidwa kuti ndicho chikuchiipitsa, chingatchedwe gwero la malo amodzi. Zimbudzi mazanamazana za m'dera lonse zomwe zikukweza nayitireti m'madzi a pansi ndi gwero lomwazikana. Ziweto nazo chimodzimodzi: ng'ombe zodya momwazikana pa dambo ndi gwero lomwazikana, koma khola lalikulu la malonda lomwe ndowe zake zimasonkhanitsidwa m'dziwe lokhala ndi potulukira ndi la malo amodzi, ndipo lamulo la madzi la ku United States la 1972 limatchula makola otere m'gulu limeneli. Mgodi womwe ukupopa madzi a asidi kudzera m'payipi ndi wa malo amodzi, pomwe milu ya miyala ya migodi yakale yomwe mvula imatsuka m'dera lonse imawerengedwa ngati yomwazikana.

Ngalande ya madzi a mvula ya mumzinda ndiyo ili pakati penipeni. Zoipa zake zatoleredwa pa misewu yonse, koma zimatulukira pa kamwa limodzi. Mabuku ambiri a sukulu amaika madzi otsuka misewu m'gulu lomwazikana, pomwe malamulo a mayiko ena amatenga kamwa la ngalandelo ngati gwero la malo amodzi lofunika chilolezo. Malangizo anga ndi akuti mukapatsidwa ufulu wosankha chitsanzo, musasankhe chimenechi. Chikabwera m'funso, tchulani kuti zoipa zachokera pa dera lalikulu kwa anthu ambiri osadziwika ndipo zanyamulidwa ndi mvula, choncho ndi gwero lomwazikana ngakhale ngalande yazisonkhanitsa. Chifukwa chomwe mwapereka ndicho chimateteza yankho lanu.

Nyanja imodzi, magwero onse awiri

Funso la malikisi ambiri limakonda kukhala lakuti fotokozani chifukwa chake magwero omwazikana ndi ovuta kuwathetsa. Nyanja ya Erie, yomwe ili pakati pa United States ndi Canada, ndi chitsanzo chokwanira chokha. M'zaka za m'ma 1960 inadzaza ndere chifukwa cha fosifolasi, yemwe amapezeka mu fosifeti, ndipo gawo lalikulu linkachokera mu suweji ya mizinda ndi mu sopo wochapira. Mu 1972 mayiko awiriwa anasainirana pangano losamalira madzi a nyanja zikuluzikulu za m'malire mwawo. Malo oyeretsera suweji anakonzedwa kuti azichotsa fosifolasi, fosifeti mu sopo anachepetsedwa, ndipo nyanja inachira moonekeratu. Zinatheka chifukwa mapayipi anali owerengeka, aliyense ali ndi mwini wake, ndipo ankatha kupatsidwa malire n'kumayezedwa.

Kuyambira cha m'ma 1990 ndere zinayamba kubwerera kumadzulo kwa nyanjayi, ulendo uno makamaka chifukwa cha fosifolasi wosungunuka wochokera m'minda ya m'chigwa cha mtsinje wa Maumee. Mu Ogasiti 2014 poizoni wa ndere anapezeka m'madzi a mzinda wa Toledo, ndipo anthu oposa 400,000 anauzidwa kuti asamwe madzi a m'mipopi kwa masiku pafupifupi atatu. Choipitsa n'chomwecho, nyanja ndi yomweyo, koma chida chomwe chinagwira ntchito poyamba sichikukwanira pa minda masauzande.

Njira zothetsera zimatsatira kusiyana komweko, ndipo apa wophunzira asasakanize. Gwero la malo amodzi limathetsedwa pa payipi: kuyeretsa madzi asanatayidwe, chilolezo chonena malire a chomwe chingatuluke, kuyeza kawirikawiri, ndi chindapusa kwa wopyola malire. Magwero omwazikana amathetsedwa pa nthaka, madzi asanafike ku mtsinje. Feteleza athiridwe pa mlingo womwe mbewu ikufuna, pa nthawi yomwe ikumufuna, osati mvula yamphamvu ili pafupi kugwa. Mizere ilimidwe mopingasa chitsetse, nthaka isasiyidwe yambee pambuyo pokolola, ndipo m'mphepete mwa mtsinje musiyidwe lamba wa udzu ndi mitengo womwe umachepetsa liwiro la madzi kuti dothi likhazikike. Madambo asungidwe, chifukwa m'matope ake osowa mpweya muli mabakiteriya osandutsa nayitireti kukhala mpweya wa nayitrojeni wopanda vuto. Chilichonse mwa izi chimafuna kuti anthu ambiri asinthe kachitidwe kawo, ambiri mwa kufuna kwawo, ndipo chimachepetsa vuto osati kulitseka. Ngakhale atasintha onse lero, fosifolasi wosungidwa m'dothi ndi m'matope a pansi pa nyanja amapitiriza kutuluka kwa zaka zambiri.

Mmene yankho lingalembedwere

Funso lakuti "siyanitsani" limafuna kuti mbali zonse ziwiri zikhale m'chiganizo chimodzi, zikuyang'anizana pa mfundo imodzi. Yankho la malikisi anayi lingakhale lotere: "Gwero la malo amodzi limathira zoipa m'madzi pa malo amodzi odziwika, mwachitsanzo payipi yotulutsa madzi a mankhwala kuchokera m'fakitale kupita mu mtsinje, pomwe gwero lomwazikana limathira zoipa kuchokera pa dera lalikulu popanda malo amodzi olowera, mwachitsanzo nayitireti wokokoloka ndi mvula kuchokera m'minda yothiridwa feteleza. Loyamba ndi losavuta kuliyeza ndi kuliikira malamulo chifukwa mwini wake amadziwika, pomwe lachiwiri ndi lovuta chifukwa limachokera kwa anthu ambiri ndipo limasintha ndi mvula."

Taonani zitsanzo za m'yankho limeneli. Palibe pamene palembedwa "fakitale" kapena "ulimi" pawokha. Chitsanzo chokwanira chimatchula zinthu zitatu: choipitsa, komwe chachokera, ndi njira yomwe chadzera. Mawu akuti "ulimi" okha woyesa angawakane ndipo ali ndi chifukwa, popeza khola lalikulu lokhala ndi payipi nalonso ndi ulimi. Mawu akuti "fakitale" okha ali ndi vuto lomwelo, chifukwa cha chumuni ija. Madzi otentha ochokera ku malo opangira magetsi, otayidwa mu mtsinje kudzera m'ngalande atatha kuziziritsa makina, ndi chitsanzo china chabwino cha gwero la malo amodzi chomwe ochepa amachikumbukira, ndipo chimaonetsa woyesa kuti mukudziwa kuti kutentha nako kumaipitsa madzi pochepetsa okosijeni wosungunuka.

Funso likakhala lakuti "fotokozani mmene feteleza amaphera nsomba", malikisi ali pa unyolo wa zochitika, ndipo mphete iliyonse yodumphidwa ndi malikisi otayika. Mvula imakokolola nayitireti ndi fosifeti kupita m'nyanja. Ndere zimachulukana n'kuphimba pamwamba, zomera za pansi zimasowa kuwala n'kufa, nderezo nazo zimafa. Mabakiteriya amawoletsa zakufazo ndipo popuma amagwiritsa ntchito okosijeni wa m'madzi. Okosijeni akachepa nsomba zimabanika. Cholakwa chomwe chimabwerezedwa kwambiri ndi kulemba kuti feteleza ndi poizoni amene wapha nsomba, kapena kulumpha kuchoka pa ndere kufika pa nsomba zakufa osatchula mabakiteriya. Ndere zamoyo zimatulutsa okosijeni masana, ngakhale usiku nazo zimamugwiritsa ntchito. Kuchepa kwakukulu kumabwera zikafa n'kuyamba kuwola, ndipo mfundo ya mabakiteriya owoletsa ndi imene woyesa amaifunafuna m'yankho lanu.